Akuti, akuti: wanena ndani? Chiganizo chofuna gwero ndi chosafuna

Pali ndime ina imene ndakhala ndikukumana nayo chaka ndi chaka pochonga zimangirizo za mbiri ya Chichewa. Mawu amasinthako apa ndi apo, koma mafupa ake ndi omwewo. Ndasonkhanitsa ziganizo zimene zimabwera kawirikawiri, ndazimanga pamodzi, ndipo ndime yake ikumveka motere:

"Dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko chifukwa ndicho chinkayankhulidwa ndi anthu ambiri. Masiku ano anthu 57 mwa 100 aliwonse amayankhula Chichewa. Chiyankhulochi chili ndi magulu a mayina 18. Chilinso ndi mawu olembedwa mofanana koma osiyana kamvekedwe, monga mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika. Buku loyamba la malamulo a Chichewa lidalembedwa ndi Watkins mu 1937."

Ziganizo ndi zisanu ndi chimodzi. Mungaganize kuti wophunzira amaika gwero pa chiti? Nthawi zambiri amaika pa choyamba, cha 1964 chija, ndi dzina la mlembi, chaka ndi tsamba lomwe. Zinazo zimangodutsa zili chimanjamanja. Ukamufunsa amayankha kuti, "Koma aphunzitsi, zimenezo n'zodziwika kale." Ndiye taonani, chiganizo chimene ngakhale mwana wa sitandade 5 akuchidziwa chapatsidwa mboni, pomwe ziganizo zimene akatswiri akutsutsana nazo zasiyidwa zokha.

Wophunzirayu sindikumuda. Vuto lili pa lamulo limene tidamuphunzitsa. Timati mfundo ikapezeka m'mabuku angapo, ena amati asanu, popanda mlembi kutchula kumene adaitenga, ndiye kuti ndi yodziwika kwa aliyense ndipo sifuna gwero. Lamuloli n'losavuta kuloweza, n'chifukwa chake limakondedwa, koma limasocheretsa pawiri. Poyamba, mabuku asanu akhoza kukhala mawu a munthu mmodzi amene anzake anayi adangokopera. Mphekesera ikazungulira mudzi wonse sikhala kuti yapeza mboni makumi awiri, yangopeza pakamwa makumi awiri. Kachiwiri, lamuloli limayang'ana mutu wa nkhani, pomwe chofunika kuyang'ana ndi chiganizo monga momwe chalembedwera. Mutu umodzimodzi ukhoza kubala chiganizo chosafuna gwero ndi china cholifuna kwambiri, ndipo kusiyana kwake nthawi zina kumakhala liwu limodzi lokha.

Chiyankhulo chathu chili ndi kachipangizo kamene kangatithandize kuposa lamulo la mabuku asanu. Ndi liwu loti "akuti". Tikamacheza, liwuli timaliika patsogolo pa nkhani imene sitidaione tokha ndipo sitikufuna kuisenza pamutu pathu. "Akuti feteleza akwera." Amene wamva amadziwa kuti nkhaniyi ili ndi mwini wake kwina, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Akuti ndani?" Tsono yesani kuika liwuli patsogolo pa chiganizo chanu. Likakhala bwino, ngati kuti malo ake ndi omwewo, dziwani kuti mfundoyo ili ndi mwini ndipo mwiniyo atchulidwe. Likamveka moseketsa, mfundoyo ndi ya tonse. Tiyeni tiyese pa ndime ija, chiganizo ndi chiganizo.

"Akuti Malawi adalandira ufulu mu 1964." Mwaimva nokha mmene ikusekesera. Palibe Mmalawi anganene choncho pokhapokha akuchita chipongwe. Tsiku la 6 Julayi ndi tchuthi chaka chilichonse, chakacho chimaphunzitsidwa ku pulayimale, ndipo palibe buku limene limapereka chaka china. Apa pali zinthu zitatu zimene zakumana: owerenga akuidziwa kale mfundoyi, palibe amene akuitsutsa, ndipo sidatuluke m'kafukufuku wa munthu mmodzi. Zitatuzi zikakumana, gwero n'losafunika. Kuliikapo si tchimo, koma kumaonetsa kuti mlembi sakusiyanitsa katundu wolemera ndi wopepuka, ndipo wochonga amayamba kukayikira zonse zotsatira.

Chiganizo chachiwiri ndicho chimapusitsa anthu ambiri, chifukwa muli mfundo ziwiri zovala malaya amodzi. Theka loyamba ndi chochitika. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP udagwirizana kuti Chinyanja chikhale chiyankhulo cha fuko, kuti dzina lake likhale Chichewa, komanso kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo zogwiritsidwa ntchito ndi boma. M'kalasi ya maphunziro a ziyankhulo ku Malawi kuno, aliyense akuzidziwa, ndipo mutha kungolemba n'kudutsa. Koma chiganizocho sichidathere pomwepo. Chili ndi liwu loti "chifukwa", ndipo liwuli latichotsa pa zimene zidachitika n'kutiika pa zimene wina akuganiza kuti ndizo zidachititsa.

Tamvani: "Akuti adachisankha chifukwa ndicho chinkayankhulidwa ndi anthu ambiri." Apa "akuti" wakhala bwinobwino, ndipo khutu likuyembekezera kumva kuti ena akuti chiyani. Enawo alipodi. Pali amene amaloza ku kalembera wa 1966, amene adaonetsa kuti chiyankhulochi chinkamveka kwa anthu ochuluka kuposa china chilichonse m'dziko muno. Pali ena amene amati kuchulukako kukadakhala chifukwa chokhacho, sipakadafunika kusintha dzina kuchoka pa Chinyanja kupita pa Chichewa, ndipo Chitumbuka sichikadachotsedwa pa wailesi nthawi yomweyo. Iwowa amaloza kwa Dr Kamuzu Banda, amene anali Mchewa wa ku Kasungu ndipo ankachita chidwi chachikulu ndi chiyankhulochi. Akatswiri athu monga Pascal Kishindo ndi Edrinnie Kayambazinthu adalembapo za ndondomeko ya ziyankhulo ya nthawi imeneyo. Wophunzira amene walemba "chifukwa" popanda gwero waweruza mlandu umene eni ake akadakambirana, ndipo waweruza osadziwa kuti pali mlandu. Mtumbuka wa ku Rumphi akawerenga chiganizo chimenecho sangavomere kuti n'chodziwika kwa aliyense.

Chiganizo chachitatu chili ndi nambala, ndipo nambala sidziwika yokha. Chaka chikhoza kukhala cha tonse, monga 1964, koma chiwerengero cha anthu chimatanthauza kuti wina adayenda khomo ndi khomo, pa nthawi inayake, ndi funso linalake. Chiwerengero cha 57 chikuchokera ku kalembera wa 1998, ndipo funso lake linali la chiyankhulo chimene chimayankhulidwa kawirikawiri pakhomo. Kalemberayo adawerenga Chichewa ndi Chinyanja padera. Chichewa chidapeza 57 ndi kanthu pang'ono, Chinyanja chidatsala pang'ono kufika 13. Mukaziphatikiza, monga amachitira amene amati ziwirizi n'chiyankhulo chimodzi, mupeza 70. Ndipo mukatenga kalembera wa 2018 n'kuyang'ana mitundu ya anthu, mupeza kuti Achewa ali cha m'ma 34 mwa 100 aliwonse. Manambala atatu, onse oona, koma aliyense akuyankha funso lakelake. Wina akunena za chiyankhulo cha pakhomo, wina za ziyankhulo ziwiri zophatikizidwa, wina za mtundu wa munthu. Mlomwe wa ku Mulanje amene kwawo amayankhula Chichewa alowa m'nambala ina, koma m'nambala inayo salowamo.

Apa tikuona ntchito yeniyeni ya gwero, imene timaiiwala tikamangoopseza ophunzira ndi mlandu wakuba nzeru za ena. Wophunzira uja akadayesa kutchula gwero, akadakakamizika kulifufuza, ndipo akadaona yekha kuti mawu oti "masiku ano" ndi abodza, popeza nambalayo ndi ya 1998. Akadaonanso kuti "amayankhula Chichewa" si zimene zidafunsidwa, chifukwa anthu ambiri amene pakhomo pawo amayankhula Chiyao kapena Chisena amachidziwanso Chichewa bwino lomwe. Kufunafuna gwero kumakonza chiganizo. Amene wathawira ku "n'zodziwika kale" wadzimana mwayi wodzigwira yekha asanagwidwe ndi wochonga.

Tifike pa magulu a mayina. Apa ophunzira amaumirira kwambiri. "Aphunzitsi, chiyankhulo changa chomwe ndichite kupempha chilolezo kwa wolemba buku?" Funsoli lili ndi nzeru, ndipo ndibwereranso kwa ilo. Koma taganizani kaye zimene inu monga mwini chiyankhulo mukudziwa. Mukudziwa kuti timati munthu wabwera, anthu abwera, chingwe chaduka, zingwe zaduka. Zimenezi zili m'khutu mwanu ndipo palibe angakulandeni. Koma khutu lanu silidakuuzeni kuti magulu alipo 18. Kuwerenga magulu ndi ntchito ya wosanthula, ndipo osanthula amawerenga mosiyana. Ku sekondale tidaphunzira magulu awiriawiri, Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi ndi ena otero, ndipo powerenga choncho sapitirira khumi. Akatswiri a ziyankhulo za Chibantu amatsata manambala amene adayambidwa ndi Bleek n'kukonzedwa ndi Meinhof, momwe umodzi uli ndi nambala yake ndipo kuchuluka kuli ndi yakenso. Powerenga motero nambala yomaliza m'Chichewa ndi 18, ya mawu monga m'nyumba. Koma m'katimo muli mpata, popeza gulu la nambala 11, lija la lu- limene lilipo m'ziyankhulo zina za Chibantu, m'Chichewa silioneka palokha. Timati lupanga lathyoka, malupanga athyoka, mofanana ndi dengu ndi madengu. Ndiye alipo 18 kapena 17? Nanga mayina monga galu ndi bambo, amene amagwirizana ngati munthu koma alibe mu- kumayambiriro, ndi gulu lapadera kapena ayi? Yankho likudalira amene mukumutsata. Choncho mumutchule. Mukalemba kuti mukutsata kagawidwe ka m'buku la Sam Mchombo la 2004, wowerenga adziwa kuti 18 wanuyo wachokera kuti, ndipo sakuyesani kuti mwalakwitsa zimene iye adaloweza ku fomu 2.

Chiganizo chachisanu ndicho chimene wophunzira ali ndi ufulu wonse wochisiya chopanda gwero. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika, tonse timamva kusiyana kwake. Poyamba paja mawu amakwera pa te, pachiwiripa amangoyenda pansi. Chitsanzochi chili m'mabuku ambiri, koma mabukuwo adachitenga kwa ife, si ife tidachitenga kwa iwo. Wowerenga aliyense wodziwa Chichewa akhoza kuchiyesa pakamwa pake nthawi yomweyo, ndipo mfundo imene wowerenga angaitsimikize yekha atakhala pampando sifuna mboni ina. "Akuti mtengo uli ndi matanthauzo awiri" ndi mawu a mlendo amene akuphunzira kumene.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo malirewo ali pafupi kuposa mmene timaganizira. Khutu lanu ndi mboni ya chitsanzo, si mboni ya lamulo. Mukangochoka pa "ine ndimatchula chonchi" n'kufika pa "oyankhula Chichewa onse amatchula chonchi", mwalankhulira anthu a ku Nkhotakota, ku Chipata ndi ku Tete amene simudawamve. Kamvekedwe ka mawu kamasiyana malinga ndi dera, makamaka pa aneni, ndipo amene adasanthula zimenezi, monga Al Mtenje, amafotokoza kuti zitsanzo zawo n'za kayankhulidwe kati. Inunso chitani chimodzimodzi. Chiganizo chimodzi kumayambiriro n'chokwanira, chonena kuti zitsanzo zonse zopanda gwero n'za kayankhulidwe ka mlembi, amene adakulira kudera lakutilakuti. Mukatero mwatchula gwero, ndipo gwerolo ndi inuyo. Chimodzimodzi ngati liwu lakale mudalimva kwa agogo anu. Musalembe kuti "akuluakulu amati", ngati kuti mudafunsa bwalo lonse. Nenani kuti mudalimva kwa mayi wachikulire wa dera lakuti m'chaka chakuti. Nzeru za pakamwa sizichepa chifukwa chosalembedwa, koma nazonso zili ndi eni ake ndi malo ake.

Chiganizo chomaliza chawonongeka ndi liwu limodzi, "loyamba". Kuti Mark Hanna Watkins adatulutsa buku la malamulo a Chichewa mu 1937, komanso kuti amene ankamupatsa zitsanzo ku Chicago anali Kamuzu Banda ali wophunzira, n'zimene ambiri a m'maphunzirowa adamvapo. Koma kunena kuti linali loyamba ndi kunena kuti mwafufuza zonse za m'mbuyo ndipo simudapeze lina. Nanga buku la malamulo a Chinyanja la Alexander Riddel la 1880? Ngati Chichewa ndi Chinyanja n'chimodzi, Watkins adachedwa ndi zaka zoposa makumi asanu. Ngati mukutanthauza buku loyamba kusanthula kayankhulidwe ka Achewa a ku Kasungu pansi pa dzina loti Chichewa, nenani choncho, ndipo muonetse amene adanena. Onaninso kuti ndime yomweyi, pa chiganizo chachiwiri, yadalira kuti Chinyanja ndi Chichewa n'chimodzi, pomwe pa chachitatu ndi chomalizachi yazilekanitsa mwakachetechete. Mlembi sadaone kuti akudzitsutsa, chifukwa chiganizo chilichonse adachitola pachokha ngati chodziwika kale.

Tsono mwa ziganizo zisanu ndi chimodzi, ziwiri zokha ndizo zingaime zopanda gwero, cha 1964 ndi cha mtengo, kuphatikizapo theka la chachiwiri. Ndipo mukayang'ana zimene zagwa, muona kuti chilichonse chagwetsedwa ndi kanthu kooneka ndi maso: liwu loti "chifukwa", chiwerengero, nambala yochokera ku kasanthulidwe ka wina, ndi liwu loti "loyamba". Abale ake a mawuwa ndi "okhawo", "onse", "ambiri", "kuposa" ndi "lidachokera ku". Lomalizali lisamaleni kwambiri. Kuti malawi ndi malilime a moto, tonse tikudziwa. Koma kuti dzina la dziko lidachokera ku dzuwa lowala pa nyanja, kapena ku ng'anjo zosungunulira chitsulo, kapena ku moto wa tchire, pamenepo mafotokozedwe ndi angapo, ndipo kalikonse mwa iwo mukapeza m'mabuku oposa asanu opanda gwero. Lamulo la mabuku asanu likadawavomereza onse nthawi imodzi.

Wina anganene kuti, "Nanga bwanji osangoika gwero pa chiganizo chilichonse, nkhani ithe?" Ambiri amalangizadi kuti ukakayika, tchula gwero, ndipo pa wophunzira woyamba kumene langizoli silolakwika. Koma likapitirira muyeso limabala vuto lina. Ndidachongapo chimangirizo chimene chidaika dzina la katswiri wakunja pa mfundo yoti kuchulukitsa kwa "mwana" ndi "ana". Zimamveka zaulemu, koma kwenikweni zimaphunzitsa mwana wa Chichewa kuti zimene akudziwa sizoona mpaka mlendo atazisindikiza. Komanso mayina akachuluka pa mzere uliwonse, wowerenga satha kuona kuti mfundo yolemera ndi iti, ndiponso kuti maganizo a mlembi mwini akuyambira pati. Nthawi zina zimafika poipa kwambiri, wophunzira amapachika dzina la mlembi pa chiganizo chimene mlembiyo sadanene, kungoti tsamba lioneke lophunzira. Kumeneko n'kunamizira munthu, ndipo n'koipa kuposa kusatchula gwero.

Kayesedwe ka "akuti" nako kali ndi pofooka pake, ndisakubisireni. Kamagwira ntchito ngati mukukumbukira kuti mfundoyo mudaimva kwa wina. Zimene tidazimva tili ana, kwa mphunzitsi amene tinkamuopa, zimakhazikika m'mutu ngati kuti tidabadwa nazo, ndipo "akuti" sakhalanso bwino patsogolo pake. Ambiri tidauzidwa kuti Chichewa chenicheni n'cha m'chigawo chapakati, kapena kuti "ndidapita" ndiye cholondola ndipo "ndinapita" n'cholakwika. Amenewa ndi maganizo ndi zigamulo za anthu, si mmene chiyankhulo chidalengedwera, koma kwa amene adakula nazo zimamveka ngati 1964. Mankhwala ake ndi kusintha wowerenga m'maganizo mwanu. Musadzifunse nokha ngati mukuidziwa mfundoyo. Ganizirani mnzanu wa kalasi yomweyo koma wochokera kwina, wa ku Nsanje, ku Mzimba kapena ku Lusaka, wanzeru komanso wosakonda kungovomera. Akawerenga chiganizo chanu, agwedeza mutu n'kupitirira, kapena aima n'kufunsa kuti wanena ndani?

Wowerengayo akasintha, malire nawo amasuntha. Wophunzira wa ku Lusaka akalemba kuti Chinyanja n'chimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia limagwiritsa ntchito m'sukulu ndi pa wailesi, anzake sangamufunse kanthu. Chiganizo chomwecho chikalembedwa ku Zomba, ndi bwino kuonetsa kumene chachokera, popeza ambiri achimva koyamba. Momwemonso za msonkhano wa 1968, zimene kuno tingangodutsa, m'nkhani yopita kwa owerenga a kunja zifunika gwero. Palibe mndandanda wa mfundo zodziwika umene ungagwire ntchito paliponse.

Ndime ija ikakonzedwa imatalikirako pang'ono, koma imaima. Cha 1964 chikhala chokha, dzina lija lichoke. Cha 1968 chigawidwe pawiri, chochitika chiime pachokha, ndipo zifukwa zibwere ndi mayina a amene amazinena, mbali zonse ziwiri. Chiwerengero chinene kuti n'cha kalembera wa 1998 ndipo n'cha chiyankhulo cha pakhomo, Chinyanja chitawerengedwa padera. Magulu a mayina anene kagawidwe kamene akutsata. Mtengo ukhale momwemo, ndi kachiganizo konena kuti katchulidwe n'ka mlembi. Watkins asiye kukhala woyamba, kapena afotokozedwe kuti ndi woyamba pa chiyani. Mukamaliza chimangirizo chanu chotsatira, tengani pensulo, muzunguze nambala iliyonse ndi "chifukwa" aliyense, kenako muwerenge ndimeyo mokweza mukuika "akuti" patsogolo pa chiganizo chilichonse. Pamene liwulo lakhala bwino, pitani ku laibulale.